Mafunso Odzichonga Okha: Kuphunzira Debiti ndi Kirediti pa Excel

Aliyense amene anaphunzitsapo kalembedwe ka mabuku a ndalama amadziwa pamene ophunzira amagwera. Lamulo lake amaliloweza tsiku loyamba lomwe: chilichonse chochitika pa bizinesi chimalembedwa kawiri, debiti mbali ina, kirediti mbali inayo, ndipo mbali ziwirizi zizifanana. Koma mukawapatsa funso lakuti mwini golosale waika ndalama kubanki, mudzapeza ambiri alemba motembenuza. Akapereka makope Lolemba n'kudzawalandira Lachisanu, cholakwikacho chimakhala chitabwerezedwa pa mafunso enanso ambiri, ndipo dzanja limakhala litazolowera kale. Phunziroli limafuna kuti munthu auzidwe pompopompo, maganizo amene anamusokeretsa asanamuchoke m'mutu.

Apa ndi pamene pulogalamu ya Excel imathandiza. Mphunzitsi angathe kukonza tsamba la mafunso limene limachonga lokha wophunzira akangolemba yankho, popanda intaneti, ndiponso popanda iye kukhala katswiri wa makompyuta. Koma ndinene msanga maganizo anga: tsamba longonena kuti "mwakhoza" kapena "mwalakwa" lagwira theka la ntchito. Labwino ndi limene limauza wophunzira mtundu wa kulakwa kwake. Kuti zimenezi zioneke bwino, tiyeni timange tsamba limodzi kuyambira pansi.

Titenge golosale ya mayi wina imene yangotsegulidwa kumene. M'sabata yoyamba pachitika zinthu zisanu. Mayiwo aika K500,000 kubanki ngati mpamba. Apikula mabelo 12 a shuga pa K15,000 belo limodzi, koma pangongole. Agulitsa katundu wa K45,000 ndipo ndalama alandira pamanja. Agula fuliji ya K250,000, kulipira kudzera kubanki. Pomaliza atapa K20,000 m'kabati n'kukalipirira mwana fizi. Zinthu zisanu zokhazi zili ndi misampha yonse imene munthu woyamba kumene amakodwamo.

Mu Excel tifunika masamba atatu. Loyamba tilitche `Mafunso`. Mzere woyamba ukhale wa mitu, mafunso ayambire mzere wachiwiri. M'kolamu A mulembedwe chimene chachitika, B ikhale ya akaunti yolandira debiti, C ya akaunti yolandira kirediti, D ya kuchuluka kwa ndalama, ndipo E ikhale ya chigamulo. Wophunzira amadzaza B, C ndi D basi. Tsamba lachiwiri ndi `Mayankho`, ndipo liyalidwe chimodzimodzi, kuti yankho la funso la mzere wachiwiri likhale pa mzere wachiwiri, m'makolamu omwewo. Lachitatu ndi `Maakaunti`, pamene palembedwa mayina a maakaunti motsika, kuyambira A1 mpaka A10: `Banki`, `Ndalama`, `Mpamba`, `Zopikula`, `Malonda`, `Zipangizo`, `Otikongola`, `Otikongoza`, `Zotapa mwini`, `Lendi`. Amene akukonzekeretsa ophunzira mayeso a m'Chingerezi alembe mayinawa m'Chingerezi. Kagwiridwe kake sikasintha.

Tsamba lachitatuli limaoneka ngati longoonjezera, koma ndi limene limapulumutsa ntchito yonse. Excel poyerekeza mawu awiri sasamala za zilembo zazikulu kapena zazing'ono, koma amasamala kwambiri za chilembo chosowa ngakhalenso mpata wosaoneka umene chala chasiya kumapeto kwa mawu. Wophunzira akalemba yekha dzina la akaunti n'kuphonya chilembo chimodzi, kompyuta imuuza kuti walakwa pamene maganizo ake anali olondola. Choncho tisamulole kulemba, asankhe. Sankhani timabokosi kuyambira B2 mpaka C11, pitani pa `Data`, kenako `Data Validation`, pa `Allow` musankhe `List`, ndipo pa `Source` mulembe izi:

```
=Maakaunti!$A$1:$A$10
```

Tsopano kabokosi kalikonse kali ndi kamuvi kumbali, ndipo akakadina mayina onse khumi amatsika.

Fomula yochongera imene anthu ambiri amayamba nayo ndi iyi, yolembedwa mu E2 n'kuikokera m'munsi:

```
=IF(AND(B2=Mayankho!B2,C2=Mayankho!C2,D2=Mayankho!D2),"Mwakhoza","Mwalakwa")
```

Ikungofunsa kuti, kodi zinthu zitatu zimene walembazi zikufanana ndi za pa tsamba la mayankho? Imagwira ntchito ndithu, koma ili ndi zilema ziwiri. Choyamba, wophunzira akangotsegula amapeza "Mwalakwa" kuyambira pamwamba mpaka pansi asanalembe kanthu, popeza kabokosi kopanda kanthu sikafanana ndi yankho. Munthu amene akuopa kale phunziroli sayenera kulandiridwa motero. Chachiwiri n'chachikulu. Taganizirani ophunzira atatu pa funso la shuga uja. Yankho lake ndi debiti `Zopikula`, kirediti `Otikongoza`, K180,000. Woyamba wapeza maakaunti onse awiri koma wawatembenuza. Wachiwiri walemba kirediti `Banki`, chifukwa sanaone mawu akuti pangongole. Wachitatu maakaunti wakhoza, koma pochulukitsa 12 ndi 15,000 wapeza 170,000. Onse atatu auzidwa mawu amodzimodzi, chikhalirecho matenda awo ndi osiyana: wina sanamvetse lamulo, wina sanawerenge funso, wina masamu amuzembera pang'ono chabe.

Fomula yabwino imafunsa mafunso motsatizana, monga achitira mphunzitsi ataima pambali pa desiki:

```
=IF(COUNTA(B2:D2)<3,"",
 IF(AND(B2=Mayankho!C2,C2=Mayankho!B2),"Mwatembenuza",
 IF(OR(B2<>Mayankho!B2,C2<>Mayankho!C2),"Onaninso akaunti",
 IF(ABS(D2-Mayankho!D2)<1,"Mwakhoza","Onaninso ndalama"))))
```

Isakuopseni kutalika kwake. Muiwerenge mzere umodzi umodzi. Woyamba ukuwerenga timabokosi todzazidwa, ndipo ngati sitinakwane titatu, fomula imakhala chete. Wachiwiri ukuyang'ana mopingasa: kodi chimene waika ku debiti ndi chimene chinayenera kukhala ku kirediti, ndipo cha ku kirediti ndi cha ku debiti? Ngati ndi choncho, watembenuza. Wachitatu ukugwira amene wasankha akaunti yosayenera. Akapyola zipata zitatuzi ndiye kuti maakaunti ali bwino, kwatsala ndalama zokha. Ndondomekoyi isasinthidwe. Mukaika mzere wachitatu patsogolo pa wachiwiri, wotembenuza aliyense adzauzidwa kuti aonenso akaunti, ndipo mawu akuti "Mwatembenuza" sadzatulukanso.

Mzere womaliza sukufunsa ngati manambala akufanana ndendende, koma ngati akusiyana ndi ndalama yosakwana kwacha imodzi. Chifukwa chake chimaoneka tikadzafika pa kutsika mtengo kwa zipangizo. Fuliji ya K250,000 ikagawidwa pa zaka 3, chaka chilichonse ndi K83,333.33, ndipo manambala atatuwo amapitirira osatha. Ngati pa tsamba la mayankho pali fomula yogawa, Excel amasunga nambala yaitaliyo ngakhale akuonetsa yofupika. Wophunzira wolemba 83333 kapena 83333.33 wakhoza, ndipo sayenera kulephera chifukwa cha matambala amene sakuwaona n'komwe.

Kutembenuza kuja n'koyenera kukukhalira pansi, chifukwa kuli ndi gwero lake, ndipo gwerolo lili m'thumba mwa wophunzira aliyense. Ndalama zikalowa kubanki, uthenga wa pafoni umanena kuti akaunti yanu yalandira kirediti. Zikatuluka umati debiti. Munthu wakhala akuwerenga zimenezi kwa zaka, ndiye akafunsidwa za K500,000 ya mayi aja, dzanja limathamangira kulemba kirediti `Banki`. Koma uthengawo umanena za m'mabuku a banki. Kwa banki, ndalama zimene mwasungitsa ndi ngongole imene iyenera kukubwezerani, n'chifukwa chake imazilemba ku kirediti. M'mabuku a golosale, ndalama zomwezo ndi chuma cha bizinesi chimene chakwera, ndipo chuma chikakwera chimalembedwa ku debiti. Yankho ndi debiti `Banki`, kirediti `Mpamba`. Mphunzitsi angathe kulemba kufotokoza kotereku pa tsamba la mayankho, m'kolamu ina, n'kukonza kuti kuzionekera pambali pa funso pokhapokha wophunzira atalakwa. Chiganizo chimodzi chokwanira, cholembedwa m'chilankhulo chimene iye amaganizira, chimachita zambiri kuposa mtundu wofiira.

Mitunduyo ndi yosavuta. Pa `Home` pali `Conditional Formatting`, pamene mungalamule kuti kabokosi kokhala ndi "Mwakhoza" kabiriwire ndipo ena achite chikasu. Malikisi nawo ndi mzere umodzi:

```
=COUNTIF(E2:E11,"Mwakhoza")
```

Fomula yomweyi mukasintha mawu ake imakuwerengerani kuti watembenuza kangati. Ine nambala imeneyo ndimaiona yofunika kuposa malikisi. Wophunzira amene wakhoza 4 pa 10, koma zisanu ndi chimodzi zotsalazo zonse ndi zotembenuza, ali pafupi kwambiri: maakaunti akuwadziwa, chimene chikumuvuta ndi lamulo limodzi. Mnzake amene wakhoza 6, koma zinayi zotsalazo wasankha maakaunti achilendo, mwina ali kutali kuposa iye.

Pali njira ina yochongera imene imakopa anthu chifukwa siifuna tsamba la mayankho: kungophatikiza madebiti onse ndi makirediti onse, n'kulemba "Mwakhoza" akafanana. Njira ya kulemba kawiriyi inafotokozedwa m'buku losindikizidwa ndi Luca Pacioli ku Venice mu 1494, ndipo kuyambira kalelo kufananitsa mbali ziwiri kwakhala poyambira pofufuza mabuku. Koma ndi poyambira chabe. Tionere pa golosale yathu. Zisanu zija zikalembedwa bwino, ku debiti kumatsala K250,000 ku `Banki`, K25,000 ku `Ndalama`, K180,000 ku `Zopikula`, K250,000 ku `Zipangizo` ndi K20,000 ku `Zotapa mwini`, zonse pamodzi K725,000. Ku kirediti kuli `Mpamba` K500,000, `Otikongoza` K180,000 ndi `Malonda` K45,000, nazonso K725,000.

Tsono wophunzira aganize kuti, fuliji yagulidwa, ndiye ipite ku `Zopikula`. Akauntiyo ikwera kufika K430,000, ya `Zipangizo` ikhala yopanda kanthu, koma mbali zonse ziwiri zikhalabe pa K725,000. Kompyuta imuyamikira. Chonsecho iye watenga chipangizo chimene chidzatumikire golosale kwa zaka n'kuchiwerenga ngati katundu wogulitsa, ndipo phindu la chaka chimenecho lidzaoneka lochepa kwambiri kuposa mmene liliri. N'chimodzimodzi akalemba fizi ya mwana ngati ndalama yoyendetsera bizinesi, akatembenuza mbali zonse ziwiri, kapena akaiwaliratu kulemba chinthu china: mbali ziwiri zimafananabe. Ndiye kabokosi kofananitsa kakhalepo, koma kazingonena kuti mbali zafanana, osati kuti munthu wakhoza. Ndipo ndi bwino kuti wophunzira adzionere yekha kabokosiko kali kobiriwira pamene funso la fuliji lili lachikasu. Phunziro limenelo sadzaliiwala.

Mafunso ena amakhudza maakaunti atatu. Tinene kuti mayi aja agulitsa katundu wa K100,000, kasitomala wapereka K60,000 pamanja, K40,000 adzabweretsa kumapeto kwa mwezi. Yankho lili ndi madebiti awiri ndi kirediti imodzi, ndipo wophunzira ali ndi ufulu woyamba ndi `Ndalama` kapena `Otikongola`. Kuchonga mzere ndi mzere kungalange amene wayamba ndi akaunti imene mphunzitsi anaiika yachiwiri. Pamenepa tsamba liyalidwe mwina: dzina la akaunti mu B, ndalama za debiti mu C, za kirediti mu D, pa mizere itatu. Kenako tifunse kuti akaunti iliyonse yalandira zingati, posayang'ana mzere umene ili:

```
=SUMIF(B2:B4,"Ndalama",C2:C4)=60000
```

Fomula imeneyi imayenda m'mizere itatuyo, paliponse pamene yapeza `Ndalama` imatenga za ku debiti n'kuziphatikiza. Mulembe zina ziwiri zotere, ya `Otikongola` ku debiti ndi ya `Malonda` ku kirediti, muonjezere yotsimikiza kuti C ndi D zafanana, ndipo zonse muzimange mu `AND`.

Nanga mayankho tiwabise bwanji? Timabokosi tonse ta Excel timabwera titachongedwa kale kuti `Locked`, koma lokoyo sigwira mpaka tsamba litatetezedwa. Choncho sankhani B2 mpaka D11, tsegulani `Format Cells`, pa `Protection` muchotse chizindikiro pa `Locked`. Pa kolamu E muike chizindikiro pa `Hidden` kuti fomula isamaoneke. Mukatero pitani pa `Review` n'kudina `Protect Sheet`. Tsamba la mayankho mulibise ndi `Hide`, kenako `Protect Workbook` kuti wina asalivundukule. Zonsezi zimaletsa ngozi, monga kufufuta fomula mosadziwa, koma sizingaletse munthu wotsimikiza mtima. Amene wadziwa dzina la tsambalo angolemba `=Mayankho!B2` m'kabokosi kake, yankho n'kubwera lokha. Ngakhale wosadziwa zimenezo angathe kumangosinthasintha maakaunti mpaka pabiriwire. N'chifukwa chake tsamba lotere ndi loyeserera, si la mayeso olembetsa malikisi. Kuti kulotera kuchepe, ikani kabokosi kamodzi pamwamba, monga G1, nakonso mukachotse chizindikiro pa `Locked`, ndipo fomula ikhale chete mpaka wophunzira atalembamo kuti `Ndamaliza`. Akatero amayamba waganizira mafunso onse, chigamulo n'kubwera pamodzi.

Zolakwika zina zimadziwika ndi zizindikiro zake. Wophunzira akalemba `K180,000` ndi chilembo K kutsogolo, Excel amaona mawu, osati nambala. Mudzazindikira chifukwa zolembazo zimatsamira kumanzere kwa kabokosi pamene manambala amatsamira kumanja, ndipo chigamulo chimasanduka `#VALUE!`. Mankhwala ake ndi `Data Validation` yomwe ija, pa kolamu D, musankhe `Decimal`. Ngati fomula ikukanidwa mutaikopera bwinobwino, mwina kompyutayo inakonzedwa kuti izilekanitsa zigawo za fomula ndi `;` m'malo mwa `,`. Ndipo amene angafune kuti manambala a mafunso azisintha pogwiritsa ntchito `RANDBETWEEN` achenjere: fomula imeneyi imatulutsa nambala yatsopano nthawi iliyonse pamene kabokosi kena kalikonse kasinthidwa, motero wophunzira akangolemba yankho, funso limakhala litasintha kale. Tulutsani manambalawo kamodzi, muwakopere, n'kuwamata ndi `Paste Special` posankha `Values` kuti aime. Komanso, popeza ophunzira ambiri adzatsegulira pafoni, ndi bwino kukhala pa mafomula wamba ndi kusunga ngati `.xlsx`, chifukwa timapulogalamu ta `VBA` sitiyenda pa Excel wa pafoni.

Choopsa kuposa zonsezi ndi yankho lolakwika pa tsamba la mphunzitsi. M'kalasi, mphunzitsi akaphonya pa bolodi, wina amaimika dzanja. Kompyuta palibe amaitsutsa. Wophunzira amene anaganiza bwino amasintha yankho lake mpaka pabiriwire, ndipo amachoka ataphunzira bodza. Nthawi zambiri zimayamba mphunzitsi akasintha ndondomeko ya mafunso pa tsamba loyamba n'kuiwala kusintha pa lachiwiri. Chizindikiro chake n'chakuti kuyambira funso lina kutsika m'munsi, ophunzira onse, ndi anzeru omwe, akulephera. Nthawi zina funso lenilenilo limalola mayankho awiri. Shuga wopikula uja, mabuku ena amamulemba ku `Zopikula`, ena amamulowetsa mwachindunji mu akaunti ya katundu wa m'sitolo, malingana ndi njira imene bizinesi ikutsata. Zonse ndi zolondola. Mphunzitsi anene pamwamba njira imene akutsata, kapena asaike mayina onse awiri pa mndandanda.

Choncho tsamba lisanapite kwa ophunzira liyesedwe katatu. Poyamba mulidzaze ndi mayankho olondola, muone ngati malikisi akwana 10. Kachiwiri mutembenuze funso lililonse dala, muone ngati paliponse patuluka "Mwatembenuza". Kachitatu mupatse mphunzitsi mnzanu amene sanaone mayankho kuti ayankhe monga wophunzira. Paliponse pamene iye ndi kompyuta asemphana, musathamangire kunena kuti walakwa ndi iye. Muwerengenso funsolo limodzi, chifukwa kawirikawiri pamenepo m'pamene pali mawu osamveka bwino. Mukamaliza, fufutani mayankho onse mu B, C ndi D, musunge fayilo yoyera, ndipo wophunzira aliyense alandire kope lakelake.

Tsamba lotere limaphunzitsa kusankha mbali, koma dzina la akaunti limakhala litaperekedwa kale pa mndandanda, ndipo funso limakhala litatafunidwa kale m'chiganizo chimodzi. Pa ntchito palibe mndandanda. Pali malisiti opindika m'katoni, invoisi yopanda deti, ndi mwini sitolo amene sakukumbukira ngati K20,000 ija inali ya fizi kapena ya lendi. Ndiye wophunzira akayamba kukhoza mafunso khumi onse maulendo angapo motsatizana, ndi manambala osiyana, muchotsereni mndandandawo, mumupatse malisiti enieni ndi kope la leja, alembe ndi cholembera.